Ndilembe bwanji uthenga wotsatsa kanyumba kanga ka lendi ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu, popanda kunamiza anthu?

MayiWaMchengautuwa
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yanga ku Mchengautuwa, ka zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza. Amene ankakhalamo anasamutsidwa pantchito, ndiye kakhala kopanda munthu mwezi wachiwiri tsopano. Mwana wa mchemwali wanga anandilembera uthenga wotsatsa umene tinatumiza kwa anthu, ndipo unali wotere: "Nyumba yokongola kwambiri, yamakono, pafupi ndi tauni. Madzi ndi magetsi osavuta. Malo abata, achitetezo chokhwima. Fulumirani isanapite!" Anthu anaimba ambiri. Amene anafika kudzaona ndi 11, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga. Bambo wina anandiuza maso ndi maso kuti ndamuwonongetsa ndalama ya kabaza. Zinandipweteka chifukwa ine sindine munthu wonama, komanso bamboyo sanalakwe. Ndikufuna kulembanso. Ndilembe chiyani kuti anthu akopeke koma akafika asaone ngati ndawapusitsa?

Chiputula_Fundi
Amayi, tisanakuthandizeni kulemba, tiuzeni kaye nyumbayo mmene ilili, ngati mukufotokozera mlongo wanu amene simungamubisire kanthu. Chimbudzi chili kuti? Mpopi uli mkati kapena panja? Mita ya magetsi ndi yakeyake kapena mumagawana? Pansi ndi simenti kapena matailosi? Galimoto imafika pakhomo? Ndipo anthu 11 aja, chimene chinkawabweza n'chiyani?

MayiWaMchengautuwa
Zikomo bambo. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, yopulasitala mkati ndi kunja, ya malata, ili ndi siling'i zipinda zonse. Pansi ndi simenti. Chimbudzi ndi chokumba, chili panja pamodzi ndi bafa, koma ndi cha alendi okha, ife tili ndi chathu. Khitchini ndi kakang'ono, kali pakhonde la kuseri. Mpopi uli panja, ndi umodzi, timagwiritsa ntchito tonse ndipo bilu timagawana. Magetsi ali ndi mita yakeyake yogulira mayunitsi. Mawindo ali ndi zitsulo. Mpanda ndi wa maluwa, geti palibe. Galimoto imafika nthawi ya chilimwe, koma mvula ikagwa kachitunda komaliza kamaterera. Ambiri ankabwerera chifukwa cha chimbudzi cha panja ndi mtunda. Mayi mmodzi anaona khoma la chipinda chakumbuyo limene limachita chinyezi m'munsi.

Mlendi_wa_Katawa
Ndiyetu amayi uthenga woyambawo unkaitana anthu olakwika. Munthu akawerenga kuti "yamakono" m'mutu mwake mumabwera matailosi, chimbudzi chogejemula ndi shawa mkati. Amene akufuna zimenezo ndi amene anabwera. Amene akanasangalala ndi nyumba yanu mwina sanaimbe n'komwe, poganiza kuti ndi yodula kuposa thumba lawo.

DadaWaKuLuwinga
Ine ndikutsutsa pang'ono. Malonda ndi malonda. Wogulitsa tomato pamsika saika wophwanyika pamwamba pa mulu. Mukalemba kuti chimbudzi ndi chokumba, msewu umaterera, khoma limanyowa, ndani aimbe? Lembani zabwino zokhazokha, munthu akafika mumunyengerere pamaso. Ine ndili ndi nyumba zitatu ku Luwinga ndipo sizikhala sabata zopanda munthu.

Mlendi_wa_Katawa
Adada, ku Luwinga kuli yunivesite ndi chipatala chachikulu. Kumeneko ngakhale osalemba kanthu, ana asukulu ndi anamwino abwera okha. Amayiwa ali ku Mchengautuwa, ndipo njira yanuyo ayiyesa kale. Anthu 11, palibe watenga.

AuntieMphunzitsi
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndaidutsamo mbali zonse ziwiri, ndakhalapo pa lendi zaka zambiri ndipo pano ndimathandiza amayi anga kuyang'anira kanyumba kawo ku Zolozolo. Achemwali, tengani uthenga wakale uja muuyang'ane liwu ndi liwu, ndipo pa liwu lililonse mudzifunse kuti munthu atafika angalitsimikize ndi maso ake kapena ayi. "Yokongola kwambiri" sangatsimikize, chifukwa kukongola kwa inu si kukongola kwa iye. "Ili ndi siling'i zipinda zonse" angatsimikize, angoyang'ana kumwamba. Ndipo siling'iyo kuno ku Mzuzu si nkhani yaing'ono. Amene anagonapo m'nyumba ya malata okhaokha mu Juni ndi Julayi akudziwa mmene kuzizira kumatsikira, ndiponso mmene madontho amagwera kuchokera ku malata m'mamawa. Mwana wa mchemwali wanu anasiya chinthu chenicheni chimene nyumba yanu ili nacho n'kulemba mawu amene aliyense amalemba.

Chimodzimodzi mita. Mwalemba kuti "magetsi osavuta", pamene chimene muli nacho ndi chamtengo kuposa pamenepo: mita yakeyake. Munthu amene anakhalapo pa mita yogawana, n'kumakangana ndi anzake kuti ndani akuphikira nyemba pa mbaula ya magetsi pamene mayunitsi tinasonkherana mofanana, akangoona mawu akuti "mita yakeyake" aima pomwepo n'kuwerenga zonse. Komanso mawu akuti "osavuta" ndi lonjezo limene silili m'manja mwanu. Inu simulamulira kuti magetsi azima liti kapena madzi abwera liti. Chimene mungalonjeze ndi chimene chili papuloti panu.

Ndiye ine ndikanati muchotse mawu onse oyamikira, mulembe zinthu zimene zilipo. Muona kuti uthengawo ukhala wokopa kuposa woyamba uja.

MayiWaMchengautuwa
Achemwali, za siling'izo sindinaganizeko n'komwe. Ndinkaona ngati ndi chinthu wamba. Nanga "pafupi ndi tauni" ndilembe bwanji? Kwa ine ndi pafupi ndithu, ndimayenda wapansi kupita kumsika waukulu.

Kabaza_Wanu
Amayi, ine ndimanyamula anthu ofuna nyumba pafupifupi sabata iliyonse, ndipo liwu limene limayambanitsa anthu kwambiri ndi lomwelo la "pafupi". Munthu amandiuza kuti akuti ndi pafupi ndi msewu, tikamayenda n'kumatsika chigwa, kukwera chitunda, iye nkhope ikusintha. Tikamafika amakhala atakana kale nyumbayo asanaione. Mawa m'mawa chitani izi: imani pakhomo la kanyumbako, yang'anani nthawi pa foni, yendani mwa masiku onse osathamanga mpaka pamsewu wa tala pamene anthu amakwerera. Lembani mphindi zimene zapita. Pobwerera yesaninso, chifukwa kuno kwathu kupita ndi kubwerera sizifanana, kwina ukutsetsereka kwina ukukwera. Mu uthengamo muike nambala yaikuluyo. Mtengo wa kabaza musalembe, umasintha mafuta akangokwera ndiye mudzaoneka wonama pa chinthu chimene si chanu.

NyaKaning'ina
Pepani, nyumbayo ikadalipo? Ndi zingati pamwezi? Ndili ndi mng'ono wanga akufuna malo.

MayiWaMchengautuwa
Ikadalipo mayi. Ndi K120,000 pamwezi. Koma werengani kaye zimene ndafotokoza pamwambapa, chimbudzi ndi cha panja.

NyaKaning'ina
Ooh, ndimayesa ndi ya zonse mkati. Iye ali ndi mwana wakhanda, sangakwanitse zotuluka usiku. Zikomo.

AuntieMphunzitsi
Mwaona achemwali? Mizere iwiri yokha, ndipo palibe amene wawononga ndalama ya ulendo kapena tsiku lake.

DadaWaKuLuwinga
Koma mwataya kasitomala pamenepo. Akanabwera mwina akanaikonda. Ndiponso mtengo simulemba poyera. Munthu mumayamba mwamuona kaye, wina angathe kulipira zoposa pamenepo.

Mlendi_wa_Katawa
Apa ndiye sindingakhale chete. Ife ofuna nyumba tikaona uthenga wopanda mtengo timadziwa kuti mwini wake akufuna kutiyeza ndi nsapato zimene tavala. Ambiri timangodutsa. Ndipo si mtengo wa pamwezi wokha. Ine chaka chatha ndinapeza nyumba, mtengo ndinagwirizana nawo, ndinapita kukaona kawiri, ndinauza kale alandilodi anga akale kuti ndikutuluka. Tsiku lokalipira ndi pamene ndinauzidwa kuti akufuna miyezi itatu pamodzi kuphatikizapo dipoziti ya mwezi umodzi. Ndinali ndi ya miyezi iwiri. Ndinagona sabata ziwiri kwa mnzanga, katundu ali pakhonde atafundidwa pepala la pulasitiki, mu Epulo mvula ya kuno isanathe. Amayi, lembani ndalama yonse imene munthu akuyenera kukhala nayo m'manja tsiku lolowa. Ngati ndi miyezi iwiri yoyambirira, lembani K240,000. Ngati pali dipoziti, nenani kuti ndi zingati ndipo imabwezedwa potuluka ngati nyumba ili bwino.

Chiputula_Fundi
Ndibwerere ku khoma lija, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yovuta. Amayi, chinyezicho chikuoneka bwanji? Ndikufunsa chifukwa chinyezi cha m'nyumba za kuno chili mitundu ingapo, ndipo zimene mulembe zidalira kuti chanu ndi chiti.

Ngati khoma lada kuyambira pansi kukwera mpaka cha m'bondo kapena m'chiuno, penti ikufufuma n'kumasupuka, ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere, madziwo akuchokera m'nthaka. Kawirikawiri zimatero pamene omanga sanaike pepala la pulasitiki pamwamba pa maziko, ndiye njerwa zimayamwa madzi ngati chingwe cha nyali. Chimenechi sichitha ndi penti. Mukapenta lero chibisala miyezi ya dzuwa, mvula ikabwera chitulukanso pomwepo.

Ngati chili mbali imodzi yokha, kumene madzi a padenga amagwera kapena kumene nthaka ya kunja ili pamwamba kuposa pansi pa nyumba, ndiye ndi madzi a mvula amene akuthamangira ku khoma kapena kudumphira pakhoma akagwa kuchokera ku malata. Ichi ndi chosavuta. Mumakumba ngalande kuseri kuti madzi apatuke, mumachotsa dothi limene latsamira khoma, n'kuwaka kasimenti kopendekera kunja m'mbali mwa khomalo, mulifupi pafupifupi theka la mita.

Ngati ndi timadontho takuda m'makona a m'mwamba kapena kuseri kwa wadiropu, imeneyo ndi nkhungu yobwera chifukwa mpweya sukuyenda. Anthu amatseka mawindo ndi timabowo ta mpweya chifukwa cha kuzizira, amayanika zovala mkati chifukwa kunja kukuwaza, ndiye chinyezi chimakhazikika pakhoma lozizira. Chimenecho ndi kakhalidwe ka m'nyumba kuposa nyumbayo.

MayiWaMchengautuwa
Bambo, ndapita kukayang'ana panopa. Ndi khoma limodzi lokha, lakumtunda. Nyumbayo inamangidwa potsetsereka ndiye kuseriko dothi lili pamwamba. Chinyezi chafika ngati chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pansi, penti yasupuka, zoyera ngati mchere sindinazione. Chimayamba cha mu Febuluwale, chimauma cha mu Ogasiti. Makoma ena onse ndi ouma.

Chiputula_Fundi
Mmene mwafotokozeramo chikumveka ngati chachiwiri chija, ngakhale sindingalumbire ndisanaone ndi maso. Kumbani ngalande ndi kuchotsa dothilo musanalowetse munthu. Koma chonde musalembe kuti "vuto la chinyezi linakonzedwa". Simudziwa ngati latha mpaka mvula ina idutse. Lembani chimene mukudziwa: khoma limodzi limachita chinyezi m'munsi nthawi ya mvula, ndipo mwakumba ngalande chaka chino. Zonse ziwiri ndi zoona.

DadaWaKuLuwinga
Ayi a Fundi, apa mwapitirira. Nyumba ya ku Mzuzu yopanda chinyezi ili kuti? Aliyense akudziwa. Kulemba zimenezo kuli ngati kulemba kuti kuno kumazizira. Pentani basi. Munthu akadzaona mu Malichi adzakhala atazolowera kale nyumbayo.

MweneNkhorongo
Adada, ine zimenezo zinandichitikira ndipo sindinazolowere. Ndinalowa m'nyumba mu Okutobala, yopentedwa bwino, fungo la penti lili guu. Ndinatsamiritsa matilesi atsopano ndi katoni ya mabuku a ana kukhoma. Pofika Malichi matilesi anali atachita nkhungu kunsi, mabuku atamatana, mwana wanga wamng'ono akutsokomola usiku uliwonse. Akanandiuza, ndikanalowabe, chifukwa mtengo unali wabwino, koma bedi ndikanaliika khoma lina ndipo katoniyo ndikanaikweza pamwamba. Chimene chinanditulutsa si chinyezi, n'chakuti ndinadziwa kuti anapenta dala kuti ndisaone. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ankanena sindinkachikhulupirira, ndipo miyezi isanu ndi umodzi itakwana ndinachoka. Iwo anayambanso kusaka munthu wina, nyumba ili yopanda kanthu.

AuntieMphunzitsi
Ine pa khomali ndili pakati. Kubisa ayi, n'kulakwa. Koma sindikuona kuti chilichonse chiyenera kulowa mu uthenga wotsatsa. Ine ndimasiyanitsa chonchi. Pali zinthu zimene zikanamuletsa munthu kunyamuka kunyumba kwake akanazidziwa: chimbudzi cha panja, mpopi wogawana, mtunda, msewu wa nthawi ya mvula, ndalama yolowera. Zimenezo zilembedwe, chifukwa kuzibisa ndi kumudyera munthu ndalama ya ulendo. Ndiye pali zinthu zimene munthu ayenera kuziona ndi maso kuti adziwe kukula kwake. Mukalemba kuti "khoma limachita chinyezi", wina aganiza za nyumba yonse yonyowa ngati za m'madambo zija, pamene ndi chikhatho chimodzi ndi theka pakhoma limodzi. Chimenecho ine ndikanamuonetsa munthu akabwera, ndisanalandire ndalama yake, n'kumulozera ndi chala.

Chiputula_Fundi
Amayi aphunzitsi, ndikumva, koma vuto ndi nyengo. Munthu akabwera mu Okutobala khomalo ndi louma, palibe chimene aone. Msewunso umakhala wabwinobwino. Zinthu zimene zimabisala nthawi ya dzuwa ndi zimene ziyenera kulembedwa kwambiri, chifukwa maso a munthu sangamuthandize. Ndipo zolembedwa zimatetezanso mwini nyumba. Mu Malichi wina akadzati simunandiuze, amayiwa adzangotulutsa uthengawo. Kuti anthu asaganize zazikulu, alembe muyeso wake.

Zolozolo_Boy
Bwanji osangopatsa adobadoba? Amapeza munthu tsiku limodzi.

Mlendi_wa_Katawa
Amapeza, koma uthenga amalemba okha ndipo amawonjezera mchere. Nyumba ya chimbudzi cha panja amaitcha "selofu". Wofuna nyumba amalipira ndalama yoonera, akafika n'kupeza zina, mkwiyo wake umagwera mwini nyumba amene sanalembe n'komwe mawuwo.

Wa_Ejenti_Katoto
Musatiphatikize tonse m'thumba limodzi. Ine ntchito imeneyi ndimagwira ndipo nyumba sindiitsatsa ndisanaione. Munthu akabwerera wokhumudwa ndataya nthawi yanga inenso. Amayi, kaya mugwiritsa ntchito ejenti kaya ayi, uthenga lembani nokha ndipo mumuuze kuti asasinthe liwu. Ndikuwonjezereni za zithunzi, poti palibe wazitchula. Jambulani masana, makatani atatsegulidwa, mutasesa ndi kukolopa, mutaima pakhomo la chipinda kuti pansi ndi siling'i zioneke. Musagwiritse ntchito kujambula kotambasula kumene mafoni ena ali nako, kumachititsa kachipinda kuoneka ngati holo. Jambulani kunja konse, pabalaza, zipinda zonse ziwiri, khitchini, mpopi, ndiponso chimbudzi ndi bafa. Anthu amathawa kujambula chimbudzi, koma ngati ndi chaukhondo, cha simenti, chokhala ndi chitseko chokhoma, chithunzicho chimagulitsa nyumba. Munthu akangowerenga kuti "chokumba" osaona, amaganiza choipitsitsa chimene anachionapo. Ndipo zikhale zithunzi za sabata ino, osati za chaka chimene nyumba inamalizidwa.

Zolozolo_Boy
Ndiye ndalama yoonera nyumba mumatengeranji ngati ndinu abwino?

Wa_Ejenti_Katoto
Imeneyo ndi nkhani ina achimwene, tiyambitse payokha. Pano tikuthandiza amayiwa.

AgogoAChibavi
Mwana wanga, ine ndili ndi funso limene sanakufunse. Amene anatulukawo anakhala zaka zingati, ndipo ankakonda chiyani pamenepo?

MayiWaMchengautuwa
Agogo, anakhala zaka zinayi. Mayi wa m'nyumbamo ankakonda kukhala pakhonde lakumaso m'mawa chifukwa dzuwa limafika pomwepo likangotuluka, ankati zovala za ana zimauma msanga. Kumbali kuli kadimba, ankadzalamo mpiru ndi anyezi. Palinso mtengo wa mapeyala umene tinkathyola tonse. Tsiku lochoka analira.

AgogoAChibavi
Ndiye zimenezo bwanji sunalembe? Ukufunafuna mawu okometsera pamene zokoma zili pakhomo pako. Khonde lowomba dzuwa la m'mawa kuno kwathu kozizira, ndi malo odzala ndiwo, ndi munthu amene anakhala zaka zinayi n'kuchoka chifukwa cha ntchito basi. Ine nditawerenga zimenezo ndingadziwe kuti mwini nyumbayo ndi wokhalika naye. Koma unenenso kuti iwe umakhala papuloti pomwepo. Ena amakonda, amati pali maso. Ena safuna kukhala ndi alandilodi pafupi. Asankhe okha asanabwere.

MweneNkhorongo
Ndipo mawu aja akuti "chitetezo chokhwima" achoke. Mpanda wa maluwa wopanda geti si chitetezo chokhwima, ndipo palibe amene angalonjeze kuti wakuba sadzabwera. Lembani kuti mawindo ali ndi zitsulo ndipo eni ake amakhala pomwepo.

MayiWaMchengautuwa
Mwadzuka bwanji nonse. Ndayenda m'mawa uno monga ananenera a Kabaza. Kupita kumsewu wa tala ndi mphindi 11, kubwerera 14. Ndabwereka tepi ndayeza zipinda. Ndalemba chonchi, ndikonzeni:

"Nyumba ya lendi ku Mchengautuwa, ikupezeka panopa. Zipinda ziwiri zogona, pabalaza ndi kakhitchini ka pakhonde. Chipinda chachikulu ndi mamita 3 kwa 3.5, chaching'ono mamita 3 kwa 2.5. Ya njerwa zootcha, siling'i zipinda zonse, pansi simenti, mawindo a zitsulo. Magetsi mita yakeyake ya mayunitsi. Khonde lakumaso limawomba dzuwa la m'mawa, pali kadimba ka ndiwo ndi mtengo wa mapeyala. Chimbudzi chokumba ndi bafa zili panja, ndi za inu nokha ndipo zimakhomedwa. Mpopi uli panja, timagawana ndi eni nyumba amene amakhala papuloti pomwepo. Kuchokera pamsewu wa tala ndi mphindi 14 wapansi. Galimoto imafika pakhomo nthawi ya dzuwa, nthawi ya mvula kachitunda komaliza kamaterera. Khoma limodzi la chipinda chaching'ono limachita chinyezi m'munsi nthawi ya mvula, tikukumba ngalande. Lendi K120,000 pamwezi, polowa miyezi iwiri, K240,000, dipoziti palibe. Amene anatuluka anakhalamo zaka zinayi. Kuona nyumba ndi kwaulere."

Mlendi_wa_Katawa
Uwu ndi uthenga umene ine ndingausunge pa foni. Funso limodzi lokha limene ndikanaimbira: bilu ya madzi mumagawana bwanji? Pakati ndi pakati, kapena powerenga anthu a m'nyumba iliyonse? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ngati kwanu muli anthu asanu ndi awiri ndipo wolowayo ali yekha ndi mkazi wake, theka ndi theka adzaona kuti akulipirira madzi a ena.

MayiWaMchengautuwa
Timawerenga anthu. Kwathu tilipo asanu, iwo analipo atatu, ndiye bilu tinkaigawa pasanu ndi patatu, iwo n'kupereka magawo atatu. Ndilemba kuti bilu timagawana powerenga anthu, ndipo biluyo ndimaionetsa.

Kabaza_Wanu
Za msewuzo muwonjezere kuti njinga yamoto imafika kapena ayi mvula ikagwa. Ambiri ofuna nyumba ya mtengo umenewo galimoto alibe, chimene akufuna kudziwa ndi chakuti pobwera kuchigayo ndi thumba la ufa atsitsidwa pati. Komanso tsiku losamuka, lole ya katundu ifika?

MayiWaMchengautuwa
Njinga zimafika chaka chonse, pokhapokha mvula ikugwa nthawi yomweyo. Lole inafika potulutsa katundu wa anzathu aja, koma kunali kouma.

AuntieMphunzitsi
Achemwali, mwagwira ntchito. Ndingosuntha zinthu pang'ono. Mtengo ukwere pamzere woyamba, pambali pa dera ndi zipinda, chifukwa pa foni anthu amaona mizere iwiri yoyamba basi asanaganize zotsegula. Mamita aja ndi abwino, koma si onse amene amaona chipinda m'maso akamva 3 kwa 2.5. Onjezerani kuti chachikulu chimalowa bedi la dabulo ndi wadiropu, chaching'ono bedi la thirikota ndi katebulo, ngati ndi mmene anaikira amene anatulukawo. Liwu lakuti "tikukumba ngalande" mulisinthe likhale "takumba" tsiku limene mwakumbadi, osati lisanafike. Za khoma ndikuonabe kuti mukanazisiyira pamaso, koma mmene mwazilembera mwatchula khoma limodzi ndi chipinda chake, sizikuopsa.

DadaWaKuLuwinga
Watalika kwambiri. Anthu sawerenga zonsezo. Ndipo ndikubwerezabe, mzere wa chinyeziwo ukuchotserani anthu.

MweneNkhorongo
Wofuna nyumba amawerenga adada. Amene sawerenga ndi amene sakusaka.

Chiputula_Fundi
Kutalika si vuto ngati mzere uliwonse ukuyankha funso limene munthu akanaimbira. Amayi, ngalandeyo isathere pakona pa nyumba, ipitirire mpaka kumunsi kwa puloti, ndipo muonetsetse kuti madziwo sakulowera ku dzenje la chimbudzi kapena kwa aneba akumunsi. Dothi limene latsamira khoma mulichotse mpaka nthaka ya kunja itsike kuposa simenti ya mkati. Penti mudikire khoma liume kaye.

MayiWaMchengautuwa
Ndamva bambo. Mnyamata wokumba abwera Loweruka, ndiye uthengawu ndiutulutsa Lolemba ngalande itatha, kuti ndilembe "takumba". Mzere wa khoma ndiusiya momwemo. Zithunzi tijambula mawa cha m'ma 9 dzuwa lili pakhonde. A Ejenti, chimbudzicho ndijambule chitseko chili chotsegula kapena chotseka?

Wa_Ejenti_Katoto
Ziwiri amayi. Chimodzi chotsegula kuti pansi paoneke, china mutaima pakhomo la kuseri kwa nyumba kuti munthu aone kutalika kwa kanjira kopita kumeneko.